Mipeni iwiri ija patatha miyezi 14: wa mchira waufupi ndi wa mchira wathunthu

"Achimwene, mipeni iwiri munagula chaka chatha ija ikadalipo? Ndikufuna wotumbulira nsomba kuno ku Makawa, koma wodulawo ukundiopsa mtengo. Zoti chitsulo chizifika kumapeto kwa chigwiriro zili ndi phindu lenileni?"

Wotsala ndi umodzi, achimwene. Wa K6,000 uja unatha mwezi wachisanu, wa K18,000 ukugwirabe ntchito ngakhale nawonso uli ndi matenda ake. Pa kuthwa palibe wopambana mnzake: yonse inkanoleka bwino pamwala, ndipo popala ndi potumbula chambo simukanasiyanitsa. Nkhani yonse ili pa mchira, chitsulo chomwe chimapitirira kulowa m'chigwiriro.

Wodulawo ndi wa mchira wathunthu. Chitsulo chake n'chimodzi kuyambira kunsonga mpaka kumapeto, ndipo matabwa awiri anangomatidwa uku ndi uku n'kumangidwa ndi misomali itatu. Mukayang'ana kumsana, kumimba ndi kumapeto kwa chigwiriro, mzere wa chitsulo ukuoneka ponseponse. Wotchipawo unali wa mchira waufupi, wobisika m'pulasitiki.

Unafera pa mutu wa kampango. Mpeni unakakamira m'fupa, mnyamata wogwira nawo ntchito anaupotoza cham'mbali kuti utuluke, chigwiriro n'kung'ambika, chitsulo n'kutsala m'nsomba. Titaswa pulasitikiyo tinapeza kuti mchira unali masentimita 4 okha m'chigwiriro cha masentimita 11. Chomwe chinandiwawa kwambiri ndi misomali. Kunja inkaoneka itatu, koma woboola chitsulo unali woyamba wokha. Iwiri inayo inali yokongoletsa, yogwira pulasitiki basi.

Masamu ake ndi osavuta. Mbali yodulira inali masentimita 20. Mukakankha nsonga cham'mbali ndi mphamvu ya makilogalamu 5, mpeni umatembenukira pakamwa pa chigwiriro ngati mgwala wotukulira mwala, ndipo kamchira ka masentimita 4 kamakankha pulasitiki ndi mphamvu yochuluka kasanu, makilogalamu 25, pa malo ang'onoang'ono ngati chikhadabo. Mchira ukakhala wa masentimita 11, mphamvu yomweyo imatsika kufika pafupifupi makilogalamu 9, komanso dzanja lanu limakhala likugwira chitsulo chenichenicho, matabwa ali ongofewetsa pogwira. N'chifukwa chake kudula kolunjika pansi sikuulula chilichonse. Chimaulula ndi kupotoza, kukanula ndi kumenya kumsana ndi chikuni.

Zizindikiro zinalipo kale. Mwezi wachitatu mpeni unayamba kulira pang'ono ukaugwedeza, ndipo ukatsukidwa timadzi tofiirira tinkatuluka pakamwa pa chigwiriro. Limenelo ndi dzimbiri la mchira. Mpeni ukafika pamenepo usapitenso pa fupa, chifukwa ukathyoka dzanja limatsetserekera kokuthwa.

Musamve ngati mchira wobisika uliwonse ndi woipa. Khasu ndi nkhwangwa zathu zili ndi kachitsulo kosongoka kolowa mumpini, ndipo zimagwira ntchito zaka. Ku Japani mpeni wotumbulira nsomba wotchedwa deba uli ndi mchira wobisika m'mtengo, koma umadula mitu ya nsomba tsiku ndi tsiku. Chofunika ndi kutalika kwa mchirawo, kukula kwake, ndi mapewa ake, pomwe chitsulo chachikulu chimacheperapo kuti chilowe m'chigwiriro. Mapewa akakhala a ngodya yakuthwa, mng'alu umayambira pangodyapo. Akakhala okhota mozungulira, mphamvu imamwazikana. Woipitsitsa ndi mchira wonga wa khoswe, kawaya kowotcherera kumbuyo kwa chitsulo, chifukwa umaduka powotchererapo. Vuto ndi lakuti pamsika zonsezi zimakhala zobisika, ndipo wogula wa mchira wathunthu amalipiranso mwayi woona ndi maso zomwe akugula.

Tsono matenda a wodulawo, omwe andidyera nthawi yambiri. Mzere uja wa chitsulo wooneka kuzungulira chigwiriro ndi khomonso la madzi. Mpeni wa nsomba umakhala wonyowa m'mawa wonse, kenaka umauma ndi kutentha kwa ku Mangochi kuno, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Thabwa limafufuma, limanyala, limafufumanso, mpaka guluu amaleka. Pofika mwezi wachisanu ndi chitatu thabwa lakumanzere linatukuka kutsogolo, mpata wokwana chikhadabo. Mamba, magazi ndi mafuta a nsomba zinayamba kulowamo, fungo losachoka ndi sopo. Dzimbiri limatenga malo ambiri kuposa chitsulo chomwe ladya, ndiye likamakula limakankha thabwa, mpata n'kumakulirakulira. Sabata imeneyo ndinkaona ngati K18,000 yanga yapita m'madzi.

Kudonthezera guluu wa msangamsanga m'mpatamo kunagwira masabata awiri okha, popeza ankamatira pa dzimbiri. Kukonza kwenikweni kuli motere. Boolani mitu ya misomali itatu ija, muikhomere kunja, muchotse matabwa onse awiri. Kwechani mchira ndi sandipepa wokhakhala mpaka chitsulo chiyere, makamaka m'mabowo, chifukwa dzimbiri likadya mozungulira bowo loyamba mpeni umafookera pamenepo. Pukutani ndi sipiriti, matabwa muwaumitse pamthunzi masiku awiri. Sakanizani guluu wa machubu awiri uja, epokisi, mofanana mbali zonse, mupake pachitsulo ndi pamatabwa osasiya malo, mulowetse misomali yatsopano yokwana bwino m'mabowo. Pomanga, chingwe cha chubu cha njinga chimagwira bwino, koma musakoke mpaka guluu yense atafinyikira kunja. Musiye maola 24, kenaka musalaze m'mbali. Chikonzereni papita miyezi isanu, mpata sunabwerere. Masiku ano sugonanso m'beseni: ukatsukidwa umapukutidwa nthawi yomweyo.

Chondisangalatsa n'chakuti titavula matabwa, chitsulo chinali chowongoka, chopanda mng'alu, ngakhale chadutsa mitu ya kampango ndi mlamba yosawerengeka. Kulemera kwake kokha kumatopetsa dzanja mukamapala usipa kapena utaka wambiri.

Popita kukagula tengani kamaginito ka m'sipika yakufa. Kayendetseni pachigwiriro kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, pakati pa misomali osati pamwamba pake. Pomwe kaleka kukoka ndi pomwe chitsulo chathera. Yang'ananinso kumimba kwa chigwiriro, chifukwa ina imaonetsa chitsulo kumsana kokha. Ngati mchira sukupitirira theka la chigwiriro, umenewo ndi wa tomato ndi anyezi.

Wogulitsa mipeniyi nditamubwezera zidutswa za wotchipa uja anakana kusintha, akuti mpeni si chikwanje. Pa kupotozako anali ndi mfundo, koma ndi iye yemwe anandilozera misomali itatu ija pogula, akunena kuti chitsulo chafika kumapeto. Pa wachiwiriwo anangoti thabwa silikhala ndi galanti. Kukonza kunandidyera K5,000, ndiye wodulawo wafika K23,000 pa miyezi 14, pomwe otchipa ofa miyezi isanu iliyonse akanakhala atatu, K18,000. Pakadali pano ndalama sizinabwerere, zibwerera chaka chachiwiri chisanathe. Ngati ntchito yanu ku Makawa ndi chambo chokha, gulani wotchipa mutauyesa ndi maginito. Ngati kampango azibwera, lipirani wa mchira wathunthu, koma funani wa matabwa a pulasitiki yolimba osati a mtengo, ndipo kwa wogulitsa ujayo musapiteko.