Botolo la 500 ml ndi la malita 2: likulira mwa besi ndi liti?

Tengani mabotolo awiri opanda kanthu pamsika wa Nchalo, la 500 ml ndi la malita 2, a makosi ofanana. Uzirani mopingasa pakamwa pake, chifukwa mukauzira mkati mumangomva fuu. Laling'ono lilira mokwera, lalikulu mwa besi.

Chimene chikulira ndi mpweya wa m'khosi. Mukauzira, umakankhikira pansi n'kupanikiza mpweya wa m'mimba mwa botolo, womwe umaubweza ngati sipuling'i ya chishalo cha kabaza. Umangolowa n'kutuluka choncho mofulumira, ndipo kunjenjemera kumeneku kukafulumira kwambiri, liwu limakwera. Wasayansi Hermann von Helmholtz wa ku Germany anafufuza zimenezi m'zaka za m'ma 1800.

M'botolo laling'ono mpweya ndi wochepa, motero umalimba msanga n'kubweza mwamphamvu. M'lalikulu ndi wofewa, umabweza mwaulesi. Koma kusiyana kwake sikutsata malita ndendende: malo akachuluka kanayi, liwiro la kunjenjemera limatsika ndi theka. Ngati laling'ono likunjenjemera ka 200 pa sekondi, lalikulu ndi ka 100.

Ine ndimasankha lalikulu, chifukwa limasinthika. Thiranimo madzi lita imodzi ndi theka, mpweya wotsala ukhala 500 ml, ndipo lilira pafupifupi ngati linzake lija.