Maviyu, maola kapena peresenti: chimene chimayendetsa vidiyo

Anzanga a ku Kabwata andifunsa kangapo chifukwa chake sindinyadiranso maviyu, choncho ndiyankhe kamodzi.

Mu YouTube Studio, momwe mwini mavidiyo amaonera mmene akuyendera, muli manambala atatu amene anthu amasokoneza. `Views` ndi nambala yonena kuti vidiyo yaoneredwa kangati, basi. Munthu akaonera pang'ono n'kuthawa kuopa kutha bandulo, amawerengedwa mofanana ndi amene wakhala mpaka kumapeto. `Watch time` ndi mphindi zonse zimene anthu onse aonera zitaphatikizidwa kukhala maola. `Average percentage viewed` imanena gawo la vidiyo limene munthu mmodzi amaonera, mukatenga pakatikati.

Vidiyo yanga yophika chikanda ndi ya mphindi 12. Inali ndi maviyu 3,000, anthu akuonera 40 peresenti, kutanthauza pafupifupi mphindi zisanu aliyense, pamodzi maola 240. Ina ya mitengo ya tomato pa Soweto Market ndi ya mphindi ziwiri: maviyu 8,000 ndi 60 peresenti, koma maola 160 okha. Ya tomato inapambana pa manambala awiri, komabe imene inkapitiriza kufikira anthu atsopano inali ya chikanda.

Kenako ndinalakwitsa. Mnyamata wina m'tauni anandilonjeza maviyu 5,000 a vidiyo ya chikanda pa K300, ndinamulipira. Maviyuwo anabweradi m'masiku awiri, koma aliyense ankakhala masekondi 30. Zonsezo zinangowonjezera maola 42, ndipo peresenti inatsika kuchoka pa 40 kufika pa 18. Ndikatsegula girafu yoonetsa pamene anthu amasiyira, mzere unkagwa koyambirira penipeni ngati phompho, chikanda chisanafike ndi pamoto pomwe. Sabata yotsatira vidiyo inasiya kuoneka kwa alendo. Pambuyo pake ambiri mwa maviyu ogulawo anachotsedwa, poti malamulo a YouTube amaletsa zimenezi. Ndalama ija siindiwawa kwenikweni. Chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ndinapha ndekha vidiyo imene amayi anga anaima nane tsiku lonse kukhitchini kuti tijambule.

Nanga chachikulu n'chiti? Ine ndimati maola. Kuyambira 2012 YouTube inayamba kuyang'ana kwambiri nthawi imene anthu amaonera posankha mavidiyo oti ionetse ena, osati kungodina. Ngakhale pofuna kulandira ndalama za malonda pa mavidiyo aatali, amafuna maola 4,000 m'miyezi 12 ndi olembetsa 1,000.

Koma musatalikitse vidiyo dala kuti maola achuluke, anthu adzathawa. Apa ndi pamene peresenti imathandiza, chifukwa imakuuzani pokonza. Ingoyerekezani mavidiyo ofanana kutalika, popeza 60 pa mphindi ziwiri si 60 pa mphindi 12. Ine nditaona kuti ambiri amachoka pa moni wanga wautali, ndinaudula. Tsopano vidiyo imayamba mpoto uli kale pambaula.