Fyuzi ya waya, fyuzi ya kabotolo, bureka ndi RCD: kuzisiyanitsa pa bolodi la m'nyumba

Nambala 63 ikhoza kulembedwa pa zipangizo ziwiri zoyandikana m'bolodi limodzi, koma n'kumatanthauza zinthu zosiyana kotheratu. Pa china ikunena kuti mphamvu ya magetsi ikapitirira pamenepo chidzazimitsa, pa chinzake ikungonena kuti chikhoza kupirira mphamvu yofika pamenepo osapsa. Choncho nambala payokha siyokwanira. Muyenera kuyamba mwaona maonekedwe a chipangizocho, kenaka chilembo kapena chizindikiro chimene chili pafupi ndi nambalayo. Zonse zimene ndikufotokoza pano zimaoneka mukangotsegula kachitseko ka bolodi. Chivundikiro chomangidwa ndi masikuluwu musiyireni wa zamagetsi, ndipo fyuzi yaikulu ya ESCOM yokhala ndi chidindo pafupi ndi mita si yathu ayi.

Mawaya a m'nyumba zathu amatsata kachitidwe ka ku Britain, pa mavoti 230, n'chifukwa chake manambala oyamba ndi BS muwaona kwambiri.

Tiyambe ndi yakale kwambiri, fyuzi ya waya, yomwe imapezekabe m'nyumba zomangidwa kalekale. Ilibe kachogwirira kokweza ndi kutsitsa. Ndi kachidutswa ka pulasitiki wolimba kapena dothi loyera lootcha, kamene mumachita kuzula ngati pulagi, ndipo kumbuyo kwake kuli timapazi tiwiri tachitsulo ndi kawaya kopyapyala komangidwa pa masikuluwu awiri. Muyezo wake ndi BS 3036. Pa mabolodi ambiri a mtundu umenewu, monga a Wylex, kukula kwa fyuzi kumadziwika ndi timadontho tautoto tapamaso pake: oyera ndi maampeya 5 a magetsi ounikira, abuluu 15, achikasu 20, ofiira 30 a masoketi kapena kuka, obiriwira 45.

Vuto la fyuzi imeneyi n'lakuti utoto umanena za chogwirira, osati za waya amene ali m'katimo. Waya woyenera wa maampeya 5 ndi wochindikala mamilimita 0.2 okha, wa 15 ndi 0.5, wa 30 ndi 0.85. Koma aliyense wokhala ndi sikuludiraiva akhoza kumanga waya wa 30 m'chogwirira choyera, kapena kusenda chingwe chakale n'kupotapo timawaya tingapo. Kunja kadontho kadzakhalabe koyera, pomwe m'khoma chingwe chopyapyala cha magetsi ounikira chikutentha popanda choletsa. Mukalowa nyumba ya lendi yokhala ndi bolodi lotere, zimitsani swichi yaikulu, zulani fyuzi imodziimodzi ndipo muyang'ane. Waya wa m'chogwirira choyera ayenera kuoneka wopyapyala kwambiri kuposa wa m'chofiira. Akafanana, wina anachitapo zake. Ndipo ngakhale waya ali woyenera, fyuziyi ndi yaulesi: imafuna mphamvu pafupifupi kuwirikiza kawiri nambala yake kuti isungunuke. Ya 30 imatha kulola maampeya 45 kudutsa kwa nthawi yaitali.

Fyuzi ya kabotolo imazulidwanso chimodzimodzi, ndipo mukaiona pabolodi mukhoza kuisokoneza ndi ya waya. Kusiyana kumaoneka mukaizula. M'malo mwa waya woonekera, muli kachubu koyera kokhala ndi zisoti zachitsulo mbali zonse, ndipo m'kati mwake muli mchenga wozimitsa moto umene umabuka fyuzi ikamapsa. Muyezo wake wakale ndi BS 1361, mitundu ya utoto ndi yomweija, koma pano nambala imalembedwanso pa kabotolo penipenipo. Ubwino wake waukulu ndi kukula kosiyana. Ka maampeya 5 n'kakang'ono, kotalika mamilimita 23, pomwe ka 30 n'konenepa, kotalika 29, moti sikangalowe m'malo mwa ka 5 ngakhale mukakamize. Imapsanso msanga kuposa ya waya, pafupifupi pa kuwirikiza kamodzi ndi theka. Kuipa kwake n'kwakuti ikapsa simungaone ndi maso, mpaka muiyeze ndi mita, ndipo ngati mulibe ina yosungira mugona mumdima.

Apa pali msampha wa utoto. Fyuzi ya m'pulagi, ya BS 1362, imafanana ndi ka maampeya 5 ka pabolodi, kungoti ndi yotalikirapo pang'ono, mamilimita 25. Pa iyo kufiira kumatanthauza maampeya 3, ndipo ya 13 ndi yabulauni. Chofiira cha pabolodi ndi 30, chofiira cha m'pulagi ndi 3. Osagula potengera utoto, werengani nambala ya BS.

Tibwere ku bureka, yomwe pa mapaketi imalembedwa MCB. Ndi yopyapyala, pafupifupi mamilimita 18 m'lifupi, ili ndi kachogwirira kamodzi ndipo ilibe batani lina lililonse. Chizindikiro chake chachikulu ndi chilembo chogundana ndi nambala, monga B6, B16, C20 kapena B32. Nambalayo ndi maampeya amene ingadutsitse tsiku lonse osagwa. Chilembocho chikunena za mphamvu yobwera mwadzidzidzi: B imagwa nthawi yomweyo mphamvu ikawirikiza katatu mpaka kasanu, C kasanu mpaka kakhumi, D kakhumi mpaka 20. Choncho B16 imagwa pompo penapake pakati pa maampeya 48 ndi 80, pomwe C16 imadikira mpaka pakati pa 80 ndi 160. C ndi yoyenera pamene pali mota yokoka mphamvu zambiri poyamba kulira, monga pampu ya madzi, koma imafuna mawaya ndi efi, waya wolowa m'nthaka, zabwino zoti shoti ikachitika mphamvu ifike pamlingo woigwetsa msanga. D m'nyumba yogonamo ilibe ntchito kwenikweni.

Pa bureka pamakhalanso kabokosi kolembedwa 6000, nthawi zina 4500 kapena 10000. Ambiri amayesa kuti ndi mawati. Ayi, ndi maampeya a shoti amene burekayo ingadule osaphulika. Muyezo wake ndi BS EN 60898 kapena IEC 60898. Mukapeza bureka yolembedwa BS 3871 yokhala ndi Type 1, 2 kapena 3 m'malo mwa chilembo, ndi yakale, yomwe inalipo zilembozi zisanabwere.

Nayi nkhani imene imachitika m'makhitchini ambiri. Masoketi a kukhitchini ali pa B16, chingwe chake ndi cha masikweya mamilimita 2.5 chongochoka pabolodi n'kukathera pa soketi yomaliza. Mwayatsa ketulo ya mawati 2200 ndi hotipuleti ya 2000. Pamodzi ndi 4200, kugawa ndi 230 mupeza maampeya 18 ndi pang'ono. Mwapitirira 16, koma bureka siigwa msanga, chifukwa inapangidwa kuti ipirire mphamvu yowirikiza 1.13 kwa ola lathunthu. Wina n'kubayanso ayironi ya mawati 1200. Tsopano ndi 5400, kutanthauza maampeya 23.5, ndipo apa mwadutsa kuwirikiza 1.45 kumene bureka iyenera kugwa ola lisanathe. Imagwadi patapita kanthawi, ndipo mukaikweza pompo imatha kugwanso chifukwa kachitsulo ka m'kati kakadali kotentha. Kuchedwa kumeneku ndiye umboni wakuti vuto ndi katundu wochuluka, osati shoti. Shoti imagwetsa nthawi yomweyo, kawirikawiri ndi phokoso.

Kusitolo akuuzani ziwiri. Wina adzati gulani C16 chifukwa ndi yamphamvu. Sizithandiza, pakuti pa katundu wochuluka pang'onopang'ono B16 ndi C16 zimagwa mofanana; chilembo chimangokhudza mphamvu yadzidzidzi ija. Wina adzati ikani B32. Iyi ndiye siigwadi, koma chingwe cha 2.5 chimanyamula maampeya pakati pa 20 ndi 27 malinga ndi mmene chinayalidwira, choncho bureka idzakhala chiimire pamene chingwe chikuwotcha pulasitiki wake. Bureka ya 32 pa chingwe cha 2.5 imaloledwa pokhapokha masoketi ali pa ring'i, pomwe chingwe chimachoka pabolodi, kuzungulira n'kubwereranso pa bureka yomweyo. Kunja kwa bolodi simungadziwe ngati ndi ring'i, ayenera kuyeza ndi wa zamagetsi. Njira yeniyeni pa khitchini ija ndi kusayatsa zonse nthawi imodzi, kapena kukokera hotipuleti chingwe chakechake.

Ndiye pali zipangizo zazikulu ziwiri, chilichonse chotenga malo a mabureka awiri, zimene anthu amangozitcha zonse kuti meni. Yoyamba ndi swichi yaikulu. Kawirikawiri ili ndi chogwirira chofiira, yalembedwa 100A kapena 63A popanda chilembo kutsogolo, ndi nambala 60947-3. Iyi siigwa yokha zivute zitani. Ndi swichi basi. Pa mabolodi ena m'malo mwake anaikapo bureka ya mapolo awiri, yodula mawaya awiri nthawi imodzi, ndipo mudzaidziwa ndi chilembo, monga C63. Imeneyo ndiye imagwa katundu wa nyumba yonse akapitirira.

Yachiwiri ndi RCD, yomwe ena amalemba RCCB, ndipo anzathu a ku Joni amaidziwa ndi dzina loti Earth Leakage lolembedwa pabolodi. Chizindikiro chake ndi batani loyesera lolembedwa T kapena Test, ndi manambala awiri: 63A ndi 30mA, kapena 0.03A. Iyi imayerekeza magetsi opita pa waya wa laivi ndi obwerera pa nyutirolo, ndipo akasiyana ndi mamiliampeya 30, kutanthauza kuti ena akuthawira pansi kudzera m'chitsulo cha giza kapena m'thupi la munthu, imadula. Fyuzi ndi bureka sizingaone kuthawa kochepa chonchi. Koma 63 wakeyo ndi uja ndinayamba naye: ndi mlingo wongopirira. Mukaikoka maampeya 80 siigwa, imangotentha, ndipo iyenera kutetezedwa ndi fyuzi kapena bureka ina. Onaninso nambala yachiwiriyo bwinobwino. Yolembedwa 100mA kapena 300mA imathandiza kupewa moto, koma yoikidwira kuteteza munthu wogwira waya ndi ya 30mA.

Mukaona chipangizo chokhala ndi zonse zitatu, chilembo ndi nambala monga B32, 30mA, komanso batani loyesera, imeneyo ndi RCBO, ya muyezo wa 61009. Imagwira ntchito ya bureka ndi ya RCD pa dera limodzi lokha.

Kwa ine kusankha kuli motere. Pakati pa fyuzi ziwiri zija, ya kabotolo ndi yodalirika chifukwa n'kovuta kuinamiza. Bureka imaposa zonse ziwiri poti nambala imene mukuwerenga ndi imene ikugwiradi ntchito, ndipo simugwira chitsulo chilichonse poibwezera. Koma bolodi la mabureka atsopano okhaokha popanda batani la T paliponse lateteza zingwe zokha, osati anthu, ndipo pa mfundo imeneyi silisiyana kwenikweni ndi la mafyuzi. RCD imodzi yoyang'anira nyumba yonse ndi yotsika mtengo, kungoti elementi ya giza ikayamba kudontha magetsi nyumba yonse imathima, firiji ndi magetsi ounikira omwe. Kuti mupeze wolakwa, tsitsani mabureka onse, kwezani RCD, kenaka kwezani mabureka imodziimodzi mpaka igwenso. Ma RCBO amadula ndalama zambiri, koma giza ikalakwa imathima yokha, ndipo dera lolakwalo mumaliona pompo pa chogwirira chimene chagwa.