Ndemanga: a fiziyo a pa boma la Mangochi, atandichotsa chikhakha

Ndinathyoka mkono wamanja pakati pa chigongono ndi dzanja nditagwa pa kabaza, ndipo chikhakha chinakhala masabata 6. Chitachoka, mkono unali wowonda, khungu likusupuka, dzanja lili gwa. Kupinda ndi kuwongola pamfundo ya dzanja kunabwerera msanga ndithu. Chimene chinandisautsa n'kutembenuza chikhatho kuti chiyang'ane kumwamba, monga polandira chenji, ndipo apa ndi pomwe mayi a fiziyo amene ndinkapitako anandigwira mtima.

Nditawaonetsa kuti ndikutha, anangoseka. "Mayi, mukutembenuza ndi phewa, osati mkono." Anandipanitsa kathawulo pakati pa chigongono ndi nthiti, chigongono chitapindika, kuti kakagwa ndidziwe kuti ndabera. Pamenepo chikhatho chinkathera pakati penipeni. Anati ndiziyamba ndaviika dzanja m'madzi ofunda mphindi 10, kenako ndigwire mthiko choimiritsa n'kumaugwetsera kunja pang'onopang'ono mpaka ndimve kukoka, ndidikire masekondi 30 ndisanaubweze. Katatu kapena kanayi pa tsiku. Mthiko utayamba kupepuka tinasinthira ku hamala: kugwira pafupi ndi mutu poyamba, kenako kumatsikira kumapeto kwa mpini, chifukwa mukagwira kutali ndi mutu imakoka kwambiri.

Za mphamvu yogwira anandiletsa kuthamangira. Ine ndinali nditagula kale kampira kofinya, koma anati kadikire mpaka dokotala aone ekisile n'kutsimikiza kuti fupa lagwirana. Tinayamba ndi siponji m'madzi, kenako kupotokola thawulo lonyowa, kampira pomaliza. Ndowa yodzaza madzi anaikaniza mpaka ithe miyezi itatu chithyokereni.

Ndinakondanso kuti anandiphunzitsa kusiyanitsa ululu. Kukoka komwe kumatha mukangosiya n'kwabwinobwino. Koma dzanja likadzuka m'mawa lotupa ndi lopweteka kuposa dzulo, ndiye kuti mwaonjeza, chepetsani. Dzanzi pa chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, kapena dzanja lotentha ngati moto, losintha mtundu, lotuluka thukuta lokha, zimenezo si za fiziyonso, bwererani kwa dokotala.

Chodandaula changa n'chakuti salemba kalikonse papepala. Munthu wochokera ku Makawa ngati ine, pofika kunyumba utasokoneza kale zina, ndipo thiransipoti yobwerera kukafunsa si yochepa. Pitani ndi kope, kapena wina akujambuleni pa foni akamakuonetsani. Nthawi yomwe amakuuzani nayonso saisunga kwenikweni.

Pano ndikutha kuvundula nsima ya banja lonse ndi kufinya zovala, ngakhale chivindikiro cholimba cha botolo chimandikanikabe, ndipo kukazizira pamfundo pamauma m'mawa. Anandiuziratu kuti mphamvu zonse zimatha kutenga chaka. Amene mwangochotsa chikhakha ndipo chikhatho chikukana kutembenuka, pitaniko ndithu.