Kuunika khadi kukacha: pa kompyuta kapena papepala?

Khadi la ukwati mukalimaliza usiku, musathamangire kulitumiza kwa osindikiza. Gonani kaye. Maso otopa amawerenga zimene zili m'mutu, osati zimene zalembedwa.

Kukacha, pa kompyuta mumagwira zolakwika zokhudza makina. Kodi mitundu ili mu CMYK, dongosolo la mitundu la makina osindikizira, osati RGB, lomwe ndi la pa sikirini? Zithunzi zafika 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, kuti zioneke bwino zikasindikizidwa? Mwasiya mamilimita 3 m'mphepete modzadula? Izi pepala silingakuuzeni, ndipo sizitenga nthawi.

Koma ine mtima wanga uli papepala. Sindikizani khadi limodzi pa kukula kwake kwenikweni, ngakhale ndi inki yakuda yokha, muligwire mutatambasula mkono. Tizilembo timene tinkakongola mutatikulitsa pa sikirini, apa mudzaona kuti agogo sangatiwerenge. Tengani cholembera, muziloza manambala a foni imodziimodzi uku mukutchula mokweza. Kenako tsegulani kalendala. Ine ndinalembapo "Loweruka" pa deti logwera Lachisanu, ndipo ndinazigwira m'mawa papepala, tiyi ali m'manja, makadi 200 asanasindikizidwe.

Nthawi ikathina, yambani ndi pepala: mayina a akwati, tsiku, ndi malo a madyerero.