Mtandire ndi Mtandile: njira ziwiri zogwirira oda yobwereza

Pa mndandanda wa maoda osatumizidwa pali "Simenti matumba 20, Mtandire" ndi "simenti matumba 20, Mtandile". Oda ndi imodzi, koma kompyuta ikuona awiri, ndiye galimoto ipita kawiri.

Njira yoyamba ndi kuyeretsa mawu musanawafananize: zilembo zonse zikhale zazing'ono, mipata yowonjezera ichoke, r asanduke l. Mu Python zimalembedwa chonchi, pomwe s ndi mzere wa oda:

```
" ".join(s.lower().split()).replace("r", "l")
```

Mizere ikafanana ndendende pambuyo pake, ndi yobwereza. Njirayi sinamiza kawirikawiri, koma "Mtandre", pomwe chala chinadumpha i, imadutsa osagwidwa.

Yachiwiri ndi muyeso wa Levenshtein, wowerenga zilembo zoti musinthe, muwonjezere kapena muchotse kuti mawu awiri afanane. "Mtandre" ndi "Mtandire" zimasiyana ndi 1, ndiye zagwidwa. Vuto lake nlakuti "Area 23" ndi "Area 25" zimasiyananso ndi 1, chonsecho ndi madera otalikirana. Matumba 20 ndi 30 chimodzimodzi. Mukaphatikiza mizere yotere, oda ya kasitomala wina yasowa mwakachetechete, zomwe nzoipa kuposa ulendo wachabe.

Choncho yoyambayo iziphatikiza yokha. Yachiwiri iziyeza zilembo zokha, manambala azifanana ndendende, ndipo zomwe yapeza munthu aziona kaye asanafufute mzere.