Ndemanga yanga pa mamaikolofoni awiri a Rode M5 pojambula kwaya ya m'tchalitchi

Ndagwiritsa ntchito mamaikolofoni awiri a Rode M5 kwa miyezi 8 tsopano, ndipo ntchito yake yaikulu yakhala yojambula kwaya ya mpingo wathu, yomwe ili ndi oimba 32 oima m'mizere 4. Tchalitchi chathu ndi cha njerwa, pansi pake ndi pa simenti ndipo denga ndi la malata lopanda siling'i, choncho mawu amagunda m'zipupa n'kubwerera msanga. Ndanena za nyumbayi poyamba chifukwa wogula mamaikolofoni amenewa adziwe kuti sajambula oimba okha, koma amajambula oimbawo pamodzi ndi nyumba imene akuimbiramo.

M'bokosi munali mamaikolofoni awiri aang'ono a mtundu wa kondensa, zogwirira zake ziwiri, ndi timasiponji tiwiri totchingira mphepo. Opanga amawagulitsa awiriawiri atawayesa kale kuti mphamvu ya kamvedwe kake isasiyane kupitirira 1 dB. Ndinayesa zimenezi ndekha powagundanitsa mitu pamalo amodzi, n'kupempha woimba mmodzi kuti akoke liwu limodzi ali pa mtunda wa mamita 2, ndipo zizindikiro za mbali zonse ziwiri pa chojambulira zinkakwera ndi kutsika mofanana. Kufanana kumeneku ndiko kumapangitsa kuti woimba amene waima pakati amvekedi pakati, osapendekera kumanzere kapena kumanja. Chitsulo chomangirapo mamaikolofoni onse awiri pa sitandi imodzi chimagulidwa pachokha, ndipo ndikulangiza kuti muchigule tsiku lomwelo, chifukwa popanda icho njira yogundanitsa mitu imavuta kwambiri. Mamaikolofoniwa amafunanso magetsi ochokera ku chojambulira kudzera m'chingwe cha XLR, choncho chojambulira chanu chikhale ndi batani la 48V. Magetsi amenewa amatha mabatire msanga, ndipo ine ndimalumikiza chojambulira ku batire lalikulu lotchajira foni kuti magetsi akathima nyimbo isadukire pakati.

Tsiku loyamba ndinachita zimene anthu ambiri amachita: ndinaimika sitandi imodzi kutsogolo kwa masopulano, ina kutsogolo kwa mabesi, motalikirana pafupifupi mamita 3. M'mahedifoni zinamveka zazikulu ndi zotambasuka, moti ndinakondwera. Koma nditamvetsera kunyumba pa masipika awiri, ndinapeza kuti kwaya yagawika pawiri. Masopulano anaunjikana m'sipika ya kumanzere, mabesi m'sipika ya kumanja, ndipo pakati panali ngati palibe munthu, ngakhale kuti maalito ndi matena ambiri anali ataima pomwepo. Mayi amene amatsogolera nyimbo ankamveka kumanzere akapotolokera kwa masopulano, kenako n'kulumphira kumanja akangosuntha pang'ono. Cholakwika chinali mpata umene ndinasiya pakati pa mamaikolofoniwo, popeza iliyonse inkamva kwambiri anthu oyandikana nayo okha.

Sabata yotsatira ndinawayandikizitsa mpaka masentimita 60, onse akuloza kutsogolo, njira imene imatchedwa AB. Dzenje la pakati linatsekeka, ndipo kunena zoona, pa njira zonse zimene ndayesa, iyi ndi imene imakoma kwambiri m'mahedifoni, chifukwa womvera amamva kukula kwa nyumba ndi mpweya wozungulira oimba. Vuto lake linaonekera pamene tinatumiza nyimbozo kwa akhristu pa WhatsApp. Ambiri mwa iwo amamvera pa foni ya sipika imodzi kapena pa kawailesi kolowetsa memole khadi, ndipo zipangizo zotere zimaphatikiza mbali ziwiri zija kukhala imodzi. Mmodzi mwa akuluampingo anandifunsa mwaulemu kuti, "Kodi achimwene, amayi a kumapeto aja akumveka bwanji ngati akuimbira mumgolo?" Anali atamva bwino ndithu.

Chifukwa chake ndi ichi. Mawu amayenda pafupifupi masentimita 34 pa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Woimba amene waima pakati ali pa mtunda wofanana kuchokera ku mamaikolofoni onse awiri, choncho mawu ake amafika nthawi imodzi. Koma mayi amene waima chakumapeto kwa mzere, pafupifupi madigiri 35 kuchoka pakati, amakhala pafupi ndi maikolofoni imodzi kuposa inzake ndi masentimita pafupifupi 34 ngati mpata uli masentimita 60. Mawu ake amafika mochedwerapo ku maikolofoni yachiwiri, ndipo mbali ziwirizo zikaphatikizidwa, zigawo zina za liwu lake zimafafanizana. Pa kuchedwa kotereku, kufafanizanako kumagwera pa 500 Hz, kenako 1,500 Hz, 2,500 Hz ndi kupitirira apo, ndipo 500 Hz ili m'kati mwenimweni mwa manotsi amene masopulano amaimba kawirikawiri. Woimba aliyense ali ndi kuchedwa kwakekwake malinga ndi pamene waima, choncho kwaya yonse siizimirira, koma ena amapyapyala mawu pamene ena amakhala bwinobwino. Kuti mudziwe ngati nyimbo yanu ili ndi vutoli musanaitumize, itsegulireni mu pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera mawu ya Audacity, musankhe Tracks > Mix > Mix Stereo Down to Mono, n'kumvetsera makamaka oimba a m'mphepete.

Apa m'pamene ndinayamba njira yogundanitsa mitu, yotchedwa XY, ndipo ndi imene ndakhazikikapo. Mutu wa maikolofoni imodzi umakhala pamwamba penipeni pa mutu wa inzake, mosakhudzana, ndipo ya kumanja imaloza kumanzere pamene ya kumanzere imaloza kumanja. Popeza mitu ili pamalo amodzi, mawu a woimba aliyense amafika nthawi imodzi, ndipo kumanzere ndi kumanja kumadziwika ndi kusiyana kwa mphamvu yokha. Ndikaphatikiza mbali ziwirizo palibe chimene chimasowa, ndipo mawu a nyimbo amamveka liwu ndi liwu ngakhale pa foni yotsika mtengo. M5 imachita bwino pa njirayi pa zifukwa ziwiri zimene ndaziona ndekha. Ndi yaifupi, choncho zingwe sizipingana kumbuyo. Komanso, pa XY oimba a pakati salozedwa mwachindunji ndi maikolofoni iliyonse, amamvedwa cham'mbali, koma mitu yaing'ono ya M5 sinasinthe kwambiri kamvekedwe ka maalito ndi matena athu.

Komabe XY ili ndi malire ake. Nditaika madigiri 90 pakati pa mamaikolofoniwo, monga mmene ambiri amayambira, kwaya yonse inamveka yothinana pakati ngati anthu oima pakhomo limodzi. Kwaya yathu ndi yotambalala mamita 6, ndipo sitandi ndimaiimika mamita 3 kuchokera pa mzere woyamba, kutanthauza kuti oimba onse amadzaza madigiri 90 okha patsogolo pa mamaikolofoni. XY ya madigiri 90 imamva dera lotambalala pafupifupi kuwirikiza kawiri pamenepo, n'chifukwa chake oimba a kumapeto amamveka chapakati, osati m'mphepete kumene kuli masipika. Nditatsegula mpaka madigiri 120, masopulano ndi mabesi anatambasuka mokwanira ndipo pakati sipanafooke. Ndinayesanso njira ya ORTF, imene inachokera ku bungwe loulutsa mawu la ku France, yoika mitu motalikirana masentimita 17 ndi madigiri 110. Imatambasuka kuposa XY ndipo siwonongeka kwambiri pa sipika imodzi, moti ndimaigwiritsa ntchito tikamajambula nyimbo za vidiyo.

Kutalika kwa sitandi kunasintha zinthu kuposa mmene ndinkaganizira. Mamaikolofoni akakhala pa msinkhu wa mutu wa munthu, mzere woyamba umaphimba onse a kumbuyo, ndipo mumamva mpweya ndi milomo ya amayi awiri kapena atatu a patsogolo m'malo mwa kwaya. Ndinawakweza kufika mamita 2.7 ndi kuwaweramitsa kuti aloze mzere wachitatu, ndipo pomwepo abambo a kumbuyo anayamba kumveka ngati mbali ya gulu. Mtunda nawo uli ndi polekezera m'nyumba ya malata ngati yathu: pa mamita 5 mawu obwerera kuchokera m'zipupa anamiza zilembo za nyimbo, moti munthu wosaidziwa nyimboyo sakanatha kulemba mawu ake.

Pali zinthu ziwiri zimene wogula ayenera kudziwiratu za M5. Choyamba, ndi ya mtundu womva kutsogolo ndi kukana za kumbuyo, ndipo mamaikolofoni a mtundu umenewu akakhala patali satenga kulemera konse kwa mawu apansi. Mabesi athu anamveka opepuka poyerekeza ndi mmene amamvekera munthu ukakhala pa benchi. Ndinapempha wotsogolera kwaya kuti awasunthe kuchoka kumapeto n'kuwaika chapakati, ndipo zinathandiza kuposa kukometsa pa kompyuta. Chachiwiri, zogwirira zake n'zolimba, sizinyamula maikolofoni pa mphira, choncho kwaya ikayamba kuponda pansi povina, kugunda kwa mapazi kumakwera ndi sitandi kuchokera pa simenti. Ndimapinda chitenje kanayi n'kuika pansi pa mwendo uliwonse wa sitandi, ndipo kugundako kumachepa kwambiri. Sefa yodula mawu apansi ndimaiika pa 60 Hz, osati pamwamba pa 80 Hz, chifukwa mabesi akatsika kwambiri amafika pafupi ndi 82 Hz.

Phokoso la mkati mwa M5 opanga amalilemba kuti ndi 19 dBA. M'nyimbo ya maliro imene kwaya imaimba motsitsa kwambiri, kamluzu kake ndimakamva pang'ono m'mahedifoni oimba akamapuma, koma m'tchalitchi chathu kamaphimbidwa ndi zinthu zina, monga malata amene amalira akamatenthedwa ndi dzuwa ndiponso njinga zamoto zodutsa pamsewu. N'chifukwa chake tsopano timajambula m'mawa kwambiri, malata asanatenthe. Poika mphamvu ya chojambulira, ndimapempha kwaya kuti iimbe kolasi yofuula kwambiri, n'kutsitsa mpaka zizindikiro zisapitirire -12 dB, chifukwa oimba akatenthedwa pa ndime yomaliza amakweza mawu kuposa poyeserera, ndipo nthungululu imodzi yokha ikhoza kuphwanya mawu a nyimbo yonse. Ng'oma ndimaiika kumbuyo kwa oimba, popeza ikayandikira sitandi imalamulira chilichonse.

M'nyengo ya mvula ndimawasunga m'kabokosi kotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi, ndipo batani la 48V ndimalizimitsa ndisanalowetse kapena kuzula chingwe. Mpaka lero onse awiri akumvabe mofanana monga tsiku loyamba. Ndikuwapatsa nyenyezi 4 mwa 5, ndipo imodziyo ndaichotsa chifukwa chitsulo chomangirapo ndi zogwirira za mphira ziyenera kugulidwa padera. Kwa kwaya ya anthu 20 mpaka 40 imene omvera ake ambiri ali pa foni, ndikulangiza kuyamba ndi XY ya madigiri 110 mpaka 120 pa sitandi yaitali. Mwezi wamawa tikukajambula m'holo ina yokhala ndi siling'i ndi mabenchi a matabwa, ndipo kumeneko ndikayesanso AB ya masentimita 40 kuti ndimve mmene idzamvekere pa sipika imodzi.